Makina ochapira okana kutulutsa madzi: momwe tawakonzera ku Senga Bay

Makina amene ndikulemba zawo ndi otsekulira kutsogolo, olowa zovala zolemera makilogalamu 7, ndipo tinawagula atagwirapo kale ntchito kwina. Timachapira nsalu zoyala pabedi ndi matawulo a nyumba yathu yaing'ono yogona alendo kuno ku Senga Bay, m'boma la Salima. Ali m'kachipinda kakuseri kwa khitchini, ndipo madzi otuluka m'makinamo amadutsa pakhoma n'kukagwera m'dzenje la miyala kuseri kwa nyumba. Mitengo imene ndatchula ndi imene ine ndalipira, choncho amene adzawerenge patsogolo aziyembekezera kuti idzakhala itasintha.

16 Okutobala 2024: Madzi atsala m'diramu

Dzulo linali Tsiku la Anakubala, ndipo monga zimakhalira chaka chilichonse anthu anabwera ambiri kunyanja, kotero kuti lero zochapa zinaunjikana. Mayi amene amatithandiza kuchapa anandiitana chakumasana n'kundiuza kuti, "Bambo, makina aima osamaliza, madzi ali m'kati ndipo chitseko chakana kutseguka." Nditayang'ana pagalasi la chitseko ndinaona matawulo atamira, madzi atafika m'munsi mwa galasilo, nyali ziwiri zikuphethira. Makina athu alibe sikirini, koma a sikirini amalemba chizindikiro pa vuto lomweli: a LG amalemba `OE`, a Samsung amalemba `5E` kapena `5C`, ndipo a Bosch amalemba `E18`. Zizindikiro zonsezi zimangonena chinthu chimodzi, chakuti nthawi yotulutsira madzi yatha koma madzi sanatsike. Sizinena chimene chawatsekereza.

Ndisanamasule chilichonse ndinatembenuza batani kuika pa `Drain`, pamene makina amatulutsa madzi, n'kutchera khutu m'munsi mwa makina, kudzanja lamanja, kumene kuli pampu. Kumvetsera kumeneku n'kofunika kwambiri chifukwa kumagawa vuto patatu. Pampu ikakhala chete zii, ndiye kuti mwina magetsi sakuifika kapena koyilo yake yapsa. Ikamangong'ung'udza osazungulira, ndiye kuti china chake chagwira timapiko take. Ikamazungulira bwinobwino madzi osatuluka, ndiye kuti njira yatsekeka kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Yathu inkang'ung'udza ndi mawu olemera, ndipo kupayipi kunkangodontha timadzi tochepa.

Ndinazula pulagi pakhoma ndi kutseka mpopi wolowetsa madzi. Chitseko sindinachikakamize, chifukwa loko wake amakana dala kutseguka madzi akakhala m'kati, ndipo kuchikoka mwamphamvu kumangothyola chogwirira. Tinadikiranso kuti madzi azizire, popeza matawulo timawachapa pa madigiri 60 ndipo madzi otere amawotcha manja. Kenaka ndinatsegula kachitseko kam'munsi kutsogolo, kumene kuli chivindikiro chozungulira cha sefa ndi kapayipi kakang'ono kakuda kotulutsira madzi pangozi. Vuto linali lakuti makina akhala pansi penipeni, moti beseni silikanatha kulowa. Tinawapendeketsa chambuyo pang'ono, n'kuika njerwa ziwiri pansi pa miyendo yakutsogolo, ndipo tinagwiritsa ntchito thileyi yophikira buledi ngati chotungira. Ikadzaza ndinkatseka kapayipiko ndi chala, mayi aja n'kukhuthulira m'ndowa, mpaka ndowa ya malita 20 inapitirira theka.

Madzi atatha ndinapotokolera kumanzere chivindikiro cha sefa. Munatuluka makobidi awiri a K10, kapini ka tsitsi kopindika, ulusi wa meshi utakulungana ndi nyansi za sopo, ndiponso mchenga wodzaza dzanja. Ndinawalitsa tochi ya foni m'bowomo n'kuona timapiko ta pampu kumapeto kwake, ndipo ulusi wina unali utazengereza kumbuyo kwa timapikoto. Ndinauchotsa ndi waya wopinda kumutu, ndinatsuka sefa ndi mswachi wakale, n'kubwezera. Makina anamaliza kuchapa matawulo aja, ndipo lero sitinawononge ndalama iliyonse.

18 Okutobala: Vuto labwerera, ndayamba kuyeza ndi ndowa

Makina anachapa bwino dzulo, koma lero aimanso pa kutsukuluza komaliza. Sefa nditaitsegula ndinapezamo mchenga pang'ono chabe, wosakwanira kutseka njira. Apa ndinaona kuti kungoyang'ana ndi maso sikundithandiza, ndipo ndinafuna muyeso woti uzindiuza ngati zimene ndachita zasintha kanthu kapena ayi.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ndimathira malita 10 a madzi m'diramu lopanda zovala, ndimaika mapeto a payipi yotulutsira madzi m'ndowa imene ndaikweza pampando, kenaka ndimayatsa `Drain` n'kuwerenga nthawi pafoni mpaka madzi atasiya kutuluka mwamphamvu. Pampu ya makina otere ikakhala bwino imayenera kutulutsa malita 10 mphindi imodzi isanathe. Yathu inatenga mphindi pafupifupi 3, ndipo madzi ankatuluka modukizadukiza.

Ndinachitanso muyeso wachiwiri, umene sufuna magetsi n'komwe. Ndinathiranso madzi, ndinazula pulagi, ndinamasula payipi pa kogwirira kake kumbuyo kwa makina n'kuigoneka pansi kuloza kukhomo. Pampu yamtunduwu siitseka njira ikaima, motero madzi amayenera kudzitsikira okha ngati njira yonse kuchokera m'thanki ili yotseguka. Pa makina ena payipi imakwera m'mwamba m'kati mwa bokosi isanatulukire kunja, ndipo pa amenewo muyesowu sugwira, koma athu imatulukira m'munsi. Madzi anatuluka mofooka, ngati a pampopi wosatseka bwino, ndipo zimenezi zinandionetsa kuti penapake m'njiramo mukadali chotchinga.

19 Okutobala: Payipi yotulutsira madzi

Titakoka makina kuwachotsa kukhoma ndinaona zinthu zimene zinabisika kuyambira tsiku limene anaikidwa. Payipi ya makina, ija yamakwinya, inali yaifupi moti sinkafika pabowo la pakhoma, ndipo anailumikiza ndi chidutswa cha payipi yothirira maluwa, chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Chidutswacho n'chopapatiza kuposa payipi ya makina, ndipo chinkagona pansi pafupifupi mita imodzi chisanakwere kukalowa pabowo. Bowolo nditaliyeza ndi tepi linali pa masentimita 125 kuchokera pansi, pamene mabuku a makina ambiri otere amanena kuti payipi ikwere pakati pa masentimita 60 ndi 100. Pampu yaing'ono ya mawati 30 inkakankha madzi kudutsa njira yopapatiza, kenaka kuwakweza kupitirira muyeso wake, tsiku ndi tsiku.

Nditadula mphira uja n'kugwedeza chidutswacho, munatuluka mchenga wonyowa wosakanikirana ndi sopo wouma, wolimba ngati dothi loumbira mbiya. Chifukwa chake n'chomveka: pampu ikaima, madzi otsala m'payipi amabwerera kumalo otsika, ndipo mchenga umene anatenga umadikha pomwepo. Payipi ya makina nayo inali ndi mchenga m'makwinya ake, komanso inali itaphwatalala pamene makina ankaipanikizira kukhoma. Ndinayesa kuitsuka ndi madzi a pampopi, koma pophwatalalapo panali patang'ambika kale, choncho ndinaganiza zongoisintha.

Ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, ndinagula payipi yatsopano ya makina ya mamita awiri pa K12,000, payipi yolimba ya pulasitiki ya mamilimita 40 pa K15,000, zigongono zake ziwiri pa K5,000, guluu wa mapayipi pa K4,000, ndi makilampu awiri achitsulo pa K3,000. Zonse pamodzi ndi K39,000. Tinaboola khoma m'munsi, tinadutsitsa payipi yolimba ija motsetsereka mpaka kudzenje, ndipo m'kati tinaimika chidutswa choongoka chimene kamwa yake ili pa masentimita 75. Payipi ya makina ndinailowetsa m'menemo masentimita osapitirira 15 ndipo sindinamate pakamwapo. Mpata wa mpweya umenewu ndi wofunika, chifukwa mukamata, kapena mukailowetsa mozama kwambiri, payipi imatha kuyamba kukoka madzi yokha makina akamadzaza, ndipo mumapezeka mwathetsa vuto lina n'kuyambitsa linzake.

Muyeso wa ndowa unatsika kufika pa mphindi imodzi ndi masekondi 10. Kusinthaku n'kwakukulu, komabe nambalayi sinandikhutiritse, chifukwa payipi inali yatsopano ndipo sefa inali yoyera, choncho panalibenso chifukwa choti pampu izipitirira mphindi.

23 Okutobala: Pampu ikugwira m'mawa, madzulo ikukana

Masiku apitawa makina akhala akuchita zosokoneza. Kuchapa koyamba kwa m'mawa kumatha bwino, kwachiwiri kumatha movutikira, koma kwachitatu, makamaka dzuwa likapendeka, pampu imangong'ung'udza osazungulira. Mukaisiya kwa ola limodzi imayambanso, ndipo mayi ochapa anazindikira kuti akamenya pang'ono ndi chikhatho pambali pa makina, nthawi zina imadzidzimuka n'kuyamba kukoka madzi. Ndinawapempha kuti asiye kutero, koma zimene anaonazo zinali umboni wabwino, chifukwa chinthu chimene chimayamba chikagwedezedwa nthawi zambiri chimakhala chogwidwa kapena chakutha, osati chopsa.

Ndinaitana mmisiri wa zamagetsi wa ku Kamuzu Road, bambo wachikulire amene amakonzanso mafiriji. Tinazula pulagi, tinakhuthula madzi onse, ndipo tinagoneka makina chambali pa matiresi akale, mbali ya kabati ka sopo ili pansi, kuti madzi otsalira asayenderere kubolodi la magetsi. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, popeza m'kati muli zipilala za simenti zoletsa kugwedezeka ndipo makina onse amalemera makilogalamu oposa 60. Kunsi kwake kunali kotsegula, moti pampu inkaoneka bwino ndi mapayipi ake awiri, yaikulu yakuda yochokera kuthanki ndi yaing'ono yopita kunja.

Anayamba ndi payipi yakuda ija. Anafinya kilampu yake ndi pulayasi, anaivula, ndipo m'khwinya lake lam'munsi munali mchenga wina ndi kansalu kopukutira thukuta kamene kanadutsa pakati pa diramu ndi labala wa chitseko. M'payipi yomweyo muli kampira kapulasitiki koyandama, ndipo ndinkaganiza kuti nako ndi chinyalala, koma iwo anati, "Ayi achimwene, aka musataye, n'kapafakitale. Kamatseka njira kuti sopo asathawire kupampu makina akamadzaza." Anakatsuka n'kukabwezera m'malo mwake.

Kenaka anavula mawaya awiri a pampu n'kuyeza koyilo ndi mita yawo. Inawerenga maomu 186. Anandifotokozera kuti mapampu amtunduwu amawerenga pakati pa maomu 150 ndi 250 kapena chapompo, ndipo kuti koyilo yopsa siwerenga kanthu n'komwe. Ataimikanso makina anayeza magetsi ofika pa mawaya a pampu makinawo ali pa `Drain`, ndipo anapeza mavoti 224. Muyeso wachiwiriwu umachitika magetsi ali oyaka pamalo onyowa, ndipo ndikupempha aliyense amene sanaphunzire ntchitoyi kuti ausiyire mmisiri. Zotsatira zake zinatanthauza kuti bolodi likutumiza magetsi bwinobwino ndipo koyilo ili moyo.

Apa m'pamene anthu ambiri amasochera, ndipo ndikufuna kukhalitsapo pang'ono. Mita ikanena kuti koyilo ili bwino, munthu amafulumira kunena kuti pampu ilibe mlandu, n'kuyamba kukayikira bolodi, limene ndi lodula kwambiri ndiponso lovuta kupeza. Koma mita imangoyeza waya wokulungidwa uja, siyeza mbali imene imazungulira. Mmisiri anapotokola pampu kuichotsa m'chigoba chake n'kundipatsa kuti ndizungulize timapiko ndi chala. Anati pa pampu yamoyo timapiko timayenda momasuka pang'ono, kenaka timalimba n'kudumpha, chifukwa m'kati muli maginito amene amakokedwa ndi chitsulo cha koyilo. Kumasuka kozungulira kumeneko n'kwadala, kumathandiza pampu kunyamuka. Chimene sichiyenera kupezeka ndi kugwedera kwa m'mbali. Timapiko tathu nditatikankhira uku ndi uku tinkagwedera moonekeratu, ndipo pozungulira tinkamveka kukhukhuluza.

Anasolola timapiko pamodzi ndi maginito ake. M'chibowo mmene maginito amazungulira munali madzi akuda ndi mchenga wosalala, maginitowo anali ndi mizere yokalika kuzungulira thupi lonse, ndipo kalabala kotchinga pa kamtengo kachitsulo kanali katadyeka. Ndiye kuti mchenga unadya kalabala, unalowa m'chibowo, n'kukulitsa mpata umene kamtengo kamazunguliramo. Pampu ikazizira inkakwanitsa kunyamuka, koma ikatentha, kapena magetsi akatsika pang'ono monga amachitira madzulo anthu akayamba kuphika, maginito ankatsamira mbali imodzi n'kukakamira. Mapampu otere alibe mphamvu zambiri ponyamuka, motero kukhuzana pang'ono kokha kumakwanira kuwaimitsa. Ndinafunsa ngati kutsuka ndi kupaka girizi sikungathandize, ndipo anayankha kuti kungatipatse sabata imodzi kapena ziwiri, koma pulasitiki yodyeka siibwerera. Ndinawalipira K15,000 pamodzi ndi ya mayendedwe.

26 Okutobala: Pampu yakale yochokera pa makina ena

Kuno ku Salima pampu yatsopano sinapezeke. Munthu wina wokonza zipangizo zamagetsi anali ndi makina akufa pakhonde la shopu yake, ndipo anavomera kundigulitsa pampu yake pa K18,000, titagwirizana kuti ikakana adzandibwezera ndalama. Inalowa bwino m'chigoba, koyilo inawerenga bwino, koma pa muyeso wa ndowa inatenga mphindi imodzi ndi theka ndipo inkalira kwambiri. Nditaichotsa n'kukankha timapiko m'mbali, nato tinkagwedera, ngakhale kuti sitinafike pa tathu. Ndinaibweza ndipo ndalama anandibwezera monga tinapanganirana, koma K4,000 ya kabaza inapita. Amene angafune kugula pampu yakale ayambe waigwedeza timapiko m'mbali ali pashopu pomwepo, ndipo asadalire mita yokha.

29 Okutobala: Kuitanitsa yatsopano ku Lilongwe

Mlamu wanga amene amakhala ku Lilongwe anavomera kukafufuza m'mashopu a zipangizo. Dzina la makina lokha silikwanira, chifukwa makampani ambiri amagula mapampu kwa opanga omwewo, ndipo makina a dzina limodzi amatha kukhala ndi mapampu osiyana. Ndinamutumizira zithunzi zitatu. Choyamba chinali cha chizindikiro cha pa pampu, pamene palembedwa motere:

```
220-240V  50Hz  30W
```

Chachiwiri chinali cha nkhope ya pampu, kusonyeza kuti yathu imalowa mochita kupotokola pa timano titatu osati momanga ndi masikuluwu, ndipo chachitatu chinali cha polumikizira mawaya, kusonyeza kuti timapini tiwiri tili pamodzi kumbuyo. Ndinayezanso kukula kwa timapiko ndi rula n'kumuuza. Pa shopu yoyamba anamuonetsa ya masikuluwu atatu n'kumuuza kuti imalowa paliponse, koma iye anaona pachithunzi kuti si yomweyo. Anaipeza pa shopu ina pa K52,000, ya mawati 35, ndipo mmisiri anati kusiyana kwa mawati asanu kulibe vuto malinga mavoti ndi kalowedwe zikufanana. Kuitumiza pa minibasi kunadya K5,000. Pamene tinkadikira, nsalu zonse zinkachapidwa pamanja, ndipo m'nyengo yotentha ino imeneyi si ntchito yaing'ono kwa mayi mmodzi, choncho tinaitana wina woti aziwathandiza.

1 Novembala: Kuika pampu, ndi kudontha

Kuika kwenikweni sikunatenge nthawi. Mmisiri anatsuka chigoba, analowetsa pampu n'kuipotokola mpaka kanamveka kuti kwa, ndipo anabwezera mawaya. Mawaya awiriwo alibe kuti uyu ndi wa uku, chifukwa pampu imayendera magetsi a pakhoma mwachindunji, koma anaonetsetsa kuti koyilo yakhala chakumwamba pansi pa kachivindikiro kake koteteza madzi. Muyeso wa ndowa unapereka masekondi 35, madzi akutuluka mosadukiza, ndipo kulira kwake kunali kopepuka.

Tisanakankhire makina kukhoma tinayala nyuzipepala youma pansi pake n'kuwachapitsa opanda zovala. Patapita mphindi khumi panaoneka kadontho kakang'ono pansi pa pampu. Pampu yatsopano inabwera yopanda kalabala kozungulira kamene kamatseka pakati pa iyo ndi chigoba, ndipo tinali titagwiritsa ntchito kakale, kamene kanali kataphwatalala ndi kuuma. Mmisiri anakana kupaka guluu kapena silikoni, ponena kuti zimenezo zimavutitsa tsiku lodzamasulanso ndipo zidutswa zake zimatha kugwira timapiko. Kalabala kofanana kukula kanapezeka pa shopu ya zipangizo za galimoto pa K1,500. Tinakapaka sopo wamadzi pang'ono kuti kasapindike polowa, ndipo nyuzipepala yachiwiri inakhala youma mpaka pamapeto. Ulendo uno ndinawalipira K10,000.

4 Novembala: Madzi atuluka koma makina akukana kufinya

Lero makina anatulutsa madzi onse, koma m'malo moyamba kuzungulira mothamanga kuti afinye zovala, pampu inangopitiriza kulira ndipo nthawi sinkasuntha. Poyamba zinkaoneka ngati vuto lakale labwerera, koma pagalasi panalibe madzi, panali thovu lokhalokha lofika pakati pa chitseko. Sopo wa makina anali atatha m'masiku ochapa pamanja aja, ndipo m'kabati munathiridwa sopo waufa wochapira pamanja, amene amachita thovu lambiri. Pampu imakankha madzi koma siitha kukankha thovu, ndipo kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi kamaona ngati m'thanki mukadali madzi, motero makina amakana kufinya.

Tinawasiya kwa theka la ola kuti thovu litsike, kenaka tinayendetsa `Rinse` kawiri popanda sopo, ndipo anafinya bwinobwino. Popeza chivindikiro chapamwamba chinali chosavuta kutsegula, ndinazula pulagi n'kuyang'ananso kapayipi kopyapyala kamene kamachokera m'munsi mwa thanki kukafika pa kachipangizo koyeza madzi kaja. Ndinakavula kumtunda n'kupemerera molozetsa kuthanki, osati kukachipangizo, chifukwa mpweya wamphamvu ukhoza kukawononga. Mpweya unadutsa mosavuta, kusonyeza kuti kapayipiko sikanatsekeke. Kakanatsekeka, makina akanamachita zofananazi ngakhale popanda thovu.

16 Novembala: Mchenga, ndi ndalama zonse

Kuyambira pa 4 makina sanaimenso, ndipo muyeso wa ndowa ukadali pakati pa masekondi 35 ndi 40. Koma pampu yatsopanoyi ikumana ndi mchenga womwewo umene unadya inzake, chifukwa alendo amayala matawulo pagombe ndipo ana amalowa m'mabedi mapazi ali mbuu. Sefa ya makina inapangidwa kuti izigwira makobidi ndi mabatani, mabowo ake ndi aakulu, ndipo mchenga umangodutsa. Choncho tasintha kachapidwe. Matawulo onyowa timayamba tawayanika kuti aume, chifukwa mchenga wonyowa sugwa ngakhale mukutumule bwanji, kenaka timawakutumula, ndipo amene achokera kugombe timawaviika m'bafa la madzi n'kuwatukula tisanawaike m'makina. Mchenga umene umatsala pansi pa bafalo tsiku limodzi lokha ndi wochuluka moti umachita kukokoleka ndi dzanja. Tinthu ting'onoting'ono monga masokosi ndi tinsalu ta m'manja tikumatiika m'kathumba ka neti, ndipo matumba a zovala tikumawapisa tisanachape.

Sefa tikumaitsegula Loweruka lililonse, osati pakapita miyezi monga zimakhalira m'nyumba za kutali ndi nyanja. Potsegula pamatuluka madzi okwana kapu imodzi kapena ziwiri ngakhale makina atamaliza bwino, ndipo amenewa si chizindikiro cha vuto, chifukwa pampu siitha kukoka madzi otsiriza a m'chigoba ndi a m'payipi. Tikatero timathira jagi ya madzi oyera m'diramu sefa ili yotsegula, kuti atsuke mchenga wa m'payipi yakuda ija n'kugwera m'thileyi.

Ndalama zonse zakwana K126,500: K39,000 ya mapayipi ndi zomangira, K52,000 ya pampu, K5,000 yoitumizira, K25,000 ya mmisiri pa maulendo onse awiri, K4,000 ya kabaza ndi K1,500 ya kalabala. Sindinawerengere malipiro a mayi wachiwiri wochapa pamanja. Chotsala ndi dzenje lakuseri, limene nalo ladzaza mchenga ndi nyansi za sopo moti madzi akuchedwa kulowa pansi. Tiyenera kulifukula ndi kuikamo miyala ina mvula isanayambe, chifukwa likasefukira madzi adzabwerera m'payipi yatsopanoyi n'kutulukira pakamwa pake m'kachipinda. Anyamata awiri avomera kugwira ntchitoyi sabata yamawa, ndipo mtengo wake sitinamalize kukambirana.